Chowerengera ndi wotchi: chimene chimachitika akaunti ikatsekedwa chifukwa cholakwitsa pasiwedi

Munthu akalemba pasiwedi yolakwika, makina amene akumukana samangoyankha kuti walakwitsa n'kuiwala. Penapake, kaya mu seva, kompyuta yaikulu ya ku ofesi, kaya m'kati mwa foni, kaya m'kachitsulo kagolide ka pa simukhadi, pali nambala imene imakwera ndi imodzi, ndipo m'makina ambiri pamalembedwanso nthawi yeniyeni imene kulakwitsako kwachitika. Zinthu ziwirizi, chowerengera ndi wotchi, ndizo zimalamula ngati munthu aloledwa kuyesanso, ngati adikira, kapena ngati watsekeredwa kunja mpaka wina amutsegulire. Anthu ambiri amazitenga ngati chinthu chimodzi, ndipo apa ndi pamene vuto limayambira, chifukwa chowerengera chili ndi malamulo ake, wotchinso ili ndi ake, ndipo kudikira kumene kumakhutiritsa chimodzi sikuti nthawi zonse kumakhutiritsa chinzake.

Chifukwa chimene malirewa anaikidwira chimaoneka bwino tikachita masamu ochepa. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi ingalembedwe m'njira 10,000 zokha, kuyambira 0000 mpaka 9999, pamene ya manambala asanu ndi limodzi ingalembedwe m'njira 1,000,000. Kampani ya Apple inakonza mafoni ake mwakuti kuyesa kamodzi kumatenga pafupifupi masekondi 0.08, zomwe mwini foni sangazizindikire n'komwe. Pa liwiro limeneli, makina oyesa nambala imodziimodzi angamalize njira zonse 10,000 m'mphindi pafupifupi 13, ndipo njira 1,000,000 angazimalize m'maola pafupifupi 22. Zikutanthauza kuti nambala yaifupi payokha siteteza kanthu. Chimene chimaiteteza ndi lamulo loti woyesa amapatsidwa mipata yowerengeka, ndipo makina alibe njira yodziwira ngati amene akuyesayo ndi mbala kapena ndi mwini wake amene waiwala. Onse awiri amawerengedwa mofanana.

Makompyuta a Windows, makamaka a m'maofesi momwe akaunti za ogwira ntchito zimasungidwa pa seva imodzi, ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, chifukwa malamulo ake ndi atatu okha ndipo aliyense angawawerenge. Munthu akatsegula zenera lolamulira kompyuta lotchedwa Command Prompt n'kulemba `net accounts`, kapena `net accounts /domain` ngati akauntiyo ndi ya pa seva ya ofesi, pakati pa mizere imene imatuluka pamakhala itatu yonga iyi:

```
Lockout threshold:                    5
Lockout duration (minutes):           30
Lockout observation window (minutes): 15
```

Mzere woyamba ndi malire a chowerengera: kulakwitsa kasanu kumatseka akaunti. Mzere wachiwiri ndi kutalika kwa chilango: ikatsekedwa, imakhala yotsekedwa kwa mphindi 30, ndipo woyang'anira makompyuta akaikapo 0 ndiye kuti sidzatseguka yokha mpaka iye mwini ayitsegule. Mzere wachitatu ndi umene anthu sawudziwa, koma ndi umene uli ndi msampha. Umanena kuti chowerengera chidzabwerera pa 0 pokhapokha patapita mphindi 15 popanda kulakwitsa kwina kulikonse. Mphindizi siziwerengedwa kuchokera pa kulakwitsa koyamba ayi, zimawerengedwa kuchokera pa kulakwitsa komaliza, kotero kuti nthawi iliyonse munthu akayesa n'kulephera, amakweza chowerengera ndipo nthawi yomweyo amabweza wotchi kuti iyambirenso. Manambala amene ndaonetsawa ndi chitsanzo cha mmene ofesi ingasankhire. Kuyambira mu 2022, makompyuta atsopano a Windows 11 amabwera ataikidwa kale malire a kulakwitsa kakhumi ndi chilango cha mphindi 10, koma ofesi iliyonse ingasinthe zimenezi mmene ikufunira.

Tiyerekeze mlembi wa mu ofesi imene ili ndi malamulo atatu aja. Anasintha pasiwedi yake Lachisanu madzulo pothamangira kuweruka, ndipo Lolemba m'mawa akukumbukira mawu ake koma sakukumbukira ngati anaika chilembo chachikulu kumayambiriro ndiponso manambala amene anawonjezera kumapeto. Pa 7:40 akuyesa kawiri motsatizana, ndipo chowerengera chafika pa 2. Akupita kukatenga tiyi, akubwera, akuyesanso pa 7:50. Kwa iye papita nthawi ndithu, koma kwa seva papita mphindi 10 zokha, choncho chowerengera chikukwera kufika pa 3 ndipo nthawi yoti chifafanizidwe yasuntha kuchoka pa 7:55 kupita pa 8:05. Pa 8:02 akuyesa kachinayi, atangotsala ndi mphindi zitatu kuti akhululukidwe zonse, ndipo nthawi ija yasunthanso kufika pa 8:17. Pa 8:12 akuyesa kachisanu. Akaunti yatsekedwa mpaka 8:42.

Taonani kuti mlembiyu sanachite zinthu mopupuluma. Wayesa kasanu kokha pa mphindi 32, ndipo pakati pake amapumira, monga mmene munthu wanzeru angachitire. Cholakwika n'chakuti kupumira kwake konse kunali kofupikirapo kuposa mphindi 15, moti sikunamupindulire kanthu. Akanasiya kugwira kompyutayo pa 7:50 n'kudikira mpaka 8:06, akanayamba ndi mipata isanu yatsopano.

Chimene chikutsatira ndicho chimawononga kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndicho chifukwa chachikulu chimene anthu amataya m'mawa wonse pa vuto la mphindi zochepa. Pa 8:20 mlembi uja wakumbukira pasiwedi yeniyeni. Akuilemba bwinobwino, koma kompyuta ikumukana, chifukwa akaunti yotsekedwa imakana pasiwedi iliyonse, yolondola ndi yolakwika yomwe. Windows imalemba uthenga wosiyana pa nthawi imeneyi, wonena kuti akauntiyo ndi yotsekedwa: `The referenced account is currently locked out and may not be logged on to.` Koma munthu amene wakanidwa kale kasanu sawerenganso uthenga, amangoona kuti wakanidwa, ndipo m'mutu mwake amafafaniza pasiwedi yolondolayo n'kuiika m'gulu la zimene wayesa kale. Pa 8:45, chilango chitatha, akuyesa zina zisanu zimene akungoganizira, osabwereranso ku yeniyeni ija popeza akukhulupirira kuti inalephera, ndipo pofika 8:47 akaunti yatsekedwanso mpaka 9:17. Pamasamba ambiri a pa intaneti zinthu zimakhala zovuta kuposa apa, chifukwa okonza amasankha dala kuti uthenga ukhale umodzimodzi, kaya pasiwedi ndi yolakwika kaya akaunti ndi yotsekedwa, n'cholinga choti mbala isadziwe pamene yafika. Choncho pasiwedi iliyonse imene munthu waiyesa ali m'kati mwa chilango ayenera kuiona ngati sanaiyese n'komwe.

Pa Windows, kuyesa akaunti ili yotsekedwa sikutalikitsa chilango, chifukwa mphindi 30 zimawerengedwa kuchokera pamene inatsekedwa. Si makina onse ali choncho. Pali ena amene analembedwa mwakuti kuyesa kulikonse kochitika m'kati mwa chilango kumayambitsanso wotchi, moti munthu amene amabwera mphindi zisanu zilizonse kudzaona ngati kwatseguka ndi amene amadzitsekera yekha tsiku lonse. Popeza wogwiritsa ntchito sangaone mmene makinawo analembedwera, chinthu chotetezeka ndi kusagwira kanthu mpaka nthawi yonse itadutsa, ndi kuwonjezerapo mphindi imodzi kapena ziwiri, popeza wotchi ya pa mkono ndi ya seva sizikhala zofanana ndendende.

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza anthu a m'maofesi, chomwe ndi akaunti imene imatsekedwa mwini wake asanalakwitse ngakhale kamodzi. Chowerengera chimakhala pa akaunti, osati pa kompyuta imene munthu wakhalapo, ndiye chipangizo chilichonse chimene chinasunga pasiwedi yakale chimathandizira kuchikweza. Foni imene imayang'ana imelo ya kuntchito pakapita mphindi zingapo, laputopu imene inasiyidwa yoyaka m'chipinda cha misonkhano, kapena netiweki ya ofesi imene foni imailumikiza yokha munthu akangolowa pa geti, zonsezi zimayesa mwakachetechete m'dzina la mwini wake. Microsoft inachepetsako vutoli pokonza kuti, ngati seva ikusunga mbiri ya mapasiwedi, kulemba imodzi mwa ziwiri zaposachedwa zimene munthu anasiya kusawerengedwe ngati kulakwitsa. Koma tabuleti imene yakhala m'kabati miyezi yambiri, yokhala ndi pasiwedi yakale kuposa pamenepo, ikangoyatsidwa imatha kumaliza mipata isanu m'kanthawi kochepa. Chizindikiro chake n'chakuti akaunti imatsekedwanso patangopita mphindi zochepa woyang'anira ataitsegula, mobwerezabwereza, kawirikawiri pa nthawi zofanana. Woyang'anira wodziwa ntchito sangopitiriza kutsegula. Amayang'ana m'kaundula wa zochitika pa seva, pa chochitika cha nambala 4740, chimene chimalembedwa akaunti ikatsekedwa ndipo chili ndi malo otchedwa `Caller Computer Name` osonyeza kumene kuyesako kunachokera. Amayang'ananso `badPwdCount`, chomwe ndi chowerengera chenichenicho, ndi `badPasswordTime`, yomwe ndi nthawi ya kulakwitsa komaliza. Ngati nthawiyo ikusonyeza 3 koloko usiku, mwini wake ali m'tulo, ndiye kuti ndi chipangizo choiwalika kapena ndi munthu wina amene akuyesa mwayi.

Malamulo a Windows ali ndi chifundo chimodzi: chilango chikatha, munthu amayambanso pa 0, ndipo chilango chachiwiri chimakhala chofanana ndi choyamba. Foni ya iPhone siyendera mfundo imeneyi. Kulakwitsa koyambirira kungapo kumadutsa popanda chilango, kenako foni imalemba `iPhone Unavailable` n'kuuza munthu kuti adikire mphindi imodzi. Akalakwitsanso amadikira mphindi 5, kenako 15, kenako ola lathunthu, ndipo m'mafoni a masiku ano makwererowa amapitirira kufika pa maola 3 ndi maola 8. Tikaphatikiza zonsezi timapeza mphindi 741, kutanthauza maola 12 ndi mphindi 21, zongodikira. Chofunika kumvetsa n'chakuti kudikira kumangogula mpata umodzi. Wotchi ikatha, chowerengera sichitsika, chimangokhala pamene chinali, ndipo chimabwerera pa 0 pokhapokha nambala yolondola italembedwa. Munthu amene wadikira ola lathunthu n'kulemba nambala imene sakuitsimikiza amakhala wasinthanitsa mpata wake umodzi ndi maola atatu.

Ambiri amaganiza kuti kuzimitsa foni n'kuiyatsanso kungafafanize chilango, monga mmene kumathetsera mavuto ena ang'onoang'ono. Okonza anaziganizira kale zimenezi. Chowerengera chimasungidwa m'chigawo chapadera chotetezedwa chotchedwa Secure Enclave, chimene sichiiwala magetsi akazima, ndipo foni ikayatsidwanso m'kati mwa chilango, wotchi ya chilangocho imayambira poyambirira. Amene wadikira mphindi 50 mwa 60 n'kutopa, n'kuzimitsa foni, amadikiranso mphindi 60 zonse. Kumapeto kwa makwererowa kulibenso wotchi. Foni imatsekedwa kotheratu ndipo njira yotsala ndi kufufuta zonse zimene zili m'katimo n'kubwezeretsa kuchokera pa zimene munthu anasunga kwina, ngati anasunga. Ngati mwini wake anayatsa `Erase Data`, foni imadzifufuta yokha pa kulakwitsa kwachikhumi motsatizana, ngakhale kuti kulemba nambala yolakwika imodzimodzi mobwereza sikuwerengedwa kawiri. Chowerengera chimenechi ndicho chinali pa mtima pa mkangano wa mu 2016 pakati pa Apple ndi bungwe la FBI la ku America, pamene bungweli linkafuna kuti kampaniyo ichotse malire ndi kuchedwetsa pa foni ya mmodzi mwa amene anapha anthu ku San Bernardino, n'cholinga choti liyese manambala onse popanda foniyo kudzifufuta.

Simukhadi ndiyo youma mtima kuposa zonsezi, chifukwa ili ndi chowerengera koma ilibe wotchi. Munthu akalakwitsa PIN katatu motsatizana, khadiyo imatsekedwa, ndipo ngakhale atadikira mwezi sidzatseguka. Kuichotsa n'kuiika mu foni ina sikuthandiza, popeza chowerengera chili m'khadi momwemo, osati mu foni kapena ku kampani ya netiweki. Chotsegulira ndi PUK, nambala ya manambala asanu ndi atatu imene kawirikawiri imasindikizidwa pa kapulasitiki kamene simukhadi imathyoledwapo pogula, kaja kamene ambiri amakataya asanachoke pa kauntala. PUK ili ndi chowerengera chakechake cha mipata 10, ndipo mipatayi ikatha khadiyo yafa, palibe amene angaidzutse. Apa kungoganizira ndi kopanda nzeru m'pang'ono pomwe: manambala asanu ndi atatu angalembedwe m'njira 100,000,000, ndipo PUK si nambala imene munthu anasankha yekha kuti mwina angaikumbukire. Amene waima pa kulakwitsa kwachitatu kwa PIN amangofunika kupeza PUK, pa kapulasitiki kaja kapena ku kampani ya netiweki atatsimikizira kuti nambalayo ndi yake. Amene wapitiriza kulota PUK kakhumi amafunika ulendo wa ku shopu ndi chiphaso kuti akapatsidwe khadi ina ya nambala yomweyo, ndipo mpaka nthawiyo sangalandire foni, sangagwiritse ntchito ndalama zake za pa foni, sangalandirenso mauthenga a manambala otsimikizira amene banki kapena imelo imatumiza.

Manambala otsimikizirawa nawonso ali ndi zowerengera zawo, ndipo ndi pamene anthu amadzichedwetsa kachiwiri, atasiya kale kulimbana ndi pasiwedi. Munthu amadina kuti waiwala pasiwedi, makina amatumiza nambala pa uthenga, uthengawo umachedwa chifukwa cha netiweki, iye amadinanso, kenako amadinanso kachitatu. M'makina ambiri, kupempha nambala yatsopano kumapha yakale nthawi yomweyo. Mauthenga atatu akafika pamodzi, mwina mosatsatana bwino, munthu amalemba nambala ya mu uthenga woyamba kufika, imakanidwa, ndipo kukanidwako kumawerengedwa. Akatero kangapo amagunda malire awiri nthawi imodzi, a kulakwitsa nambala ndi a kupempha mauthenga, ndipo khomo lothawirapo nalonso limatsekedwa, kawirikawiri kwa nthawi yotalikirapo kuposa khomo lalikulu. Makampani akuluakulu a pa intaneti amawonjezera pamenepa kuyeza ngati wopemphayo akuoneka ngati mwini wake, poyang'ana chipangizo, malo ndi mmene wakhala akuyesera. Munthu amene walakwitsa kambirimbiri, kenako n'kubwereka foni ya mnzake, kenako n'kupita ku kafe ya intaneti, amaoneka ndendende ngati mbala, ndipo amatumizidwa ku njira yaitali yotsimikizira, imene pa akaunti za Apple imatha kutenga masiku angapo kapena kuposerapo.

Ndiyenera kunena kuti okonza malamulowa nawonso ali ndi mbali yawo pa vutoli. Malire a katatu ndi oyenera pa PIN ya manambala anayi, koma pa pasiwedi yaitali ya ku ofesi amangovutitsa anthu osalakwa, popeza chala choterereka ndi batani la zilembo zazikulu loiwalika zimamaliza mipata iwiri munthu asanayambe n'komwe kuganiza. Amaperekanso chida kwa aliyense wa njiru, chifukwa wodziwa dzina la akaunti ya mnzake angaitseke dala polemba zopanda pake katatu. Bungwe la NIST la boma la America, loika miyezo ya zaumisiri, mu malangizo ake a mu 2017 otchedwa SP 800-63B, linaika malire a kulakwitsa motsatizana pa 100, osati pa atatu, ndipo linalimbikitsa njira zina monga kuchedwetsa kokwera pang'onopang'ono. Mbala yodziwa malamulo a ofesi ya mlembi uja singagunde n'komwe malire a kasanu: ingayese kanayi, n'kudikira mphindi 15, n'kuyesanso kanayi, zomwe zimaipatsa mipata pafupifupi 380 pa tsiku popanda kutseka akaunti. Wogwidwa ndi msampha kawirikawiri amakhala mwini wake, amene sadziwa kuti pali mzere wachitatu.

Kwa munthu amene wakanidwa kawiri ndipo sakutsimikiza, funso loyamba si lakuti ayese pasiwedi iti, koma lakuti ali pa makina a mtundu uti mwa itatuyi. Ngati ndi akaunti ya ku ofesi imene chowerengera chake chimafafanizika, asiye kuyesa kwa nthawi yonse ya mzere wachitatu, kuwerengera kuchokera pa kulakwitsa komaliza, azimitse imelo ya pa foni ngati anasintha pasiwedi posachedwa, ndipo alembe papepala zimene wayesa kale ndi nthawi yake kuti asabwereze ndiponso kuti adziwe zimene anayesa akaunti ili yotsekedwa. Ngati ndi foni ya chilango chokwera, aganize ali kutali ndi foniyo, n'kulemba nambala pokhapokha ali ndi chifukwa chenicheni chokhulupirira kuti ndi yomweyo, ndipo asaizimitse. Ngati ndi simukhadi ndipo yatsala ndi mpata umodzi wa PIN, ayambe wafufuza kapulasitiki ka PUK asanalembe nambala yachitatu.